Chiwerengero cha Malungo Chikatsika: Kumvetsa Lipoti la Pasabata la Chipatala

Lolemba m'mawa, odwala asanadzaze pakhonde, pachipatala chaching'ono pamachitika ntchito ina imene anthu ambiri a m'wadi sayiona. Mmodzi mwa ogwira ntchito amakhala pansi ndi makaundula a sabata yathayo n'kuyamba kuwerenga: ndi anthu angati anabwera akutentha thupi, ndi angati anayezedwa magazi, ndi angati anapezeka ndi malungo, ndipo ndi angati analandira mankhwala. Zimene wapeza amazilemba mwachidule n'kuzitumiza ku ofesi ya zaumoyo ya paboma. Limeneli ndilo lipoti la pasabata la malungo.

Ziwerengero za m'lipotili nthawi zina zimatchulidwa pamisonkhano ya komiti ya chipatala kapena ya makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera. Wina akanena kuti malungo atsika ndi theka, anthu amaomba m'manja. Komatu chiwerengero cha opezeka ndi malungo chimatha kutsika pamene matendawo akuchulukirachulukira m'midzi. Phunziro lino likufotokoza mmene zimenezi zimachitikira, ndi mmene munthu wamba angazizindikirire pofunsa mafunso ochepa chabe.

Chifukwa chake lipotili ndi la pasabata

Chipatala chilichonse chimatumiza lipoti la pamwezi, lomwe ndi lalikulu ndipo limakhudza ntchito zambiri. Vuto lake n'lakuti limafika mwezi utatha kale, pamene malungo sadikira choncho. Munthu akalumidwa ndi udzudzu wa anofelesi wonyamula tizilombo, zizindikiro zimayamba patatha sabata imodzi kapena ziwiri. Udzudzu wina ukamuluma munthuyo, tizilomboto timakhwima m'thupi la udzudzuwo kwa masiku pafupifupi 10 mpaka 14, kenaka udzudzuwo umayamba kupatsira anthu ena. Choncho m'mwezi umodzi matendawa amatha kuchoka pabanja limodzi n'kufika pamabanja ena ambiri.

N'chifukwa chakenso malungo sachuluka tsiku lomwe mvula yayamba. Madzi amayamba adikha kaye m'madambo, m'maenje oumbira njerwa ndi m'mapazi a ng'ombe, udzudzu umaswana, ndipo odwala amachuluka patapita masabata angapo. M'madera ambiri a dziko lino nyengo yovuta kwambiri imakhala kuyambira mu Januwale mpaka cha mu Epulo. Nthawi imeneyi, mankhwala amene akanakwana mwezi wathunthu amatha kutha m'masabata awiri. Lipoti la pasabata limapatsa ofesi ya zaumoyo mpata woona zimenezi zikadali m'njira.

Sabata ya lipotili imayamba Lolemba n'kutha Lamulungu. Zipatala zonse zimatsata malire omwewa kuti ziwerengero zawo zithe kuphatikizidwa ndi kuyerekezedwa popanda chisokonezo.

Kumene ziwerengero zimachokera

Nambala iliyonse ya m'lipoti imayambira pa munthu mmodzi amene wakhala pamaso pa adokotala. Wodwalayo amalembedwa m'kaundula wa odwala oyendera: dzina, zaka, mudzi umene akuchokera, ndi matenda amene apezeka nawo. Ngati akutentha thupi kapena ali ndi zizindikiro zina za malungo, amatumizidwa kukayezetsa. Kumeneko amabayidwa kunsonga ya chala, kadontho ka magazi kamaikidwa pa kachipangizo koyezera, ndipo zotsatira zimaoneka patatha mphindi 15 mpaka 20. Woyezayo amazilemba m'kaundula wake. Wopezeka ndi malungo amapita pawindo la mankhwala kukalandira LA, ndipo kumenekonso kumalembedwa.

Motero munthu mmodzi amasiya mapazi m'mabuku atatu: la adokotala, la oyeza magazi ndi la mankhwala. Wokonza lipoti amayenera kuyang'ana onse atatu, chifukwa buku lina limatsimikizira linzake.

Palinso gwero lachinayi, lomwe ndi zipatala za m'midzi zimene alangizi a zaumoyo amayendetsa m'madera ovuta kufikako. Alangiziwa amathandiza ana a miyezi 2 mpaka osakwana zaka 5. Amawayeza malungo n'kuwapatsa mankhwala konko. Ana amenewa safika kuchipatala chaching'ono, ndiye ngati ziwerengero za alangizi sizinaphatikizidwe, lipoti limasiya kunja ana ambiri a m'midzi yakutali.

Kuyeza magazi munthu asanalandire mankhwala si kwakalekale. Tizipangizo toyezera mwachangu tinayamba kufalikira m'zipatala za dziko lino mu 2011. Izi zisanachitike, zipatala zing'onozing'ono zambiri zinalibe njira yoyezera, ndipo pafupifupi aliyense wotentha thupi ankalembedwa kuti ali ndi malungo. Lero lamulo la chithandizo ndi lakuti woganiziridwa malungo ayambe wayezedwa. Zimenezi zachititsa kuti ziwerengero zikhale zodalirika, komanso zachititsa kuti zizidalira kwambiri kupezeka kwa tizipangizoto.

Zimene lipoti limanena

Maonekedwe a fomu amatha kusiyana, koma chidule chabwino chimayankha mafunso asanu. Loyamba, ndi angati anaganiziridwa kuti ali ndi malungo. Lachiwiri, mwa iwo ndi angati anayezedwa. Lachitatu, ndi angati anapezeka nawo. Lachinayi, ndi angati analandira mankhwala. Lachisanu, ndi angati anali ndi malungo aakulu moti anatumizidwa kuchipatala chachikulu, kapena anamwalira. Pambali pa izi pamalembedwa kuchuluka kwa LA ndi tizipangizo toyezera tomwe tatsala mosungira mankhwala.

Ziwerengerozi zimagawidwa pawiri: ana osakwana zaka 5, ndi anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo. Ana aang'ono amaikidwa paokha chifukwa thupi lawo silinazolowere kulimbana ndi malungo, ndipo iwo ndiwo amafulumira kukomoka, kuchepa magazi ndi kumwalira. Amayi oyembekezera nawonso amayang'aniridwa mwapadera pa chifukwa chofanana ndi chimenechi.

M'lipoti mulibe dzina la wodwala aliyense. Maina amatsala m'makaundula a pachipatala. Kuboma kumapita manambala okha. Akafika kumeneko amalowetsedwa m'dongosolo la pakompyuta la Unduna wa Zaumoyo lotchedwa DHIS2, momwe ziwerengero za zipatala zonse zimakumana.

Chitsanzo cha masabata atatu

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, osati a chipatala chenicheni. Aikidwa kuti njira yowerengera ioneke bwino. Chipatala chaching'ono china chatumiza malipoti atatu motsatizana m'mwezi wa Febuluwale.

Sabata yoyamba: oganiziridwa 200, oyezedwa 200, opezeka ndi malungo 80, olandira LA 80, otumizidwa kuchipatala chachikulu 2.

Sabata yachiwiri: oganiziridwa 240, oyezedwa 240, opezeka ndi malungo 120, olandira LA 120, otumizidwa kuchipatala chachikulu 4. Tizipangizo toyezera totsala 100.

Sabata yachitatu: oganiziridwa 260, oyezedwa 100, opezeka ndi malungo 60, olandira LA 170, otumizidwa kuchipatala chachikulu 7. Tizipangizo toyezera totsala 0.

Munthu woyang'ana mzere wa opezeka ndi malungo wokha aona 80, kenaka 120, kenaka 60. Iye anena kuti matenda anakwera pang'ono, koma tsopano atsika ndi theka. Mawu amenewa akafika pamsonkhano wa komiti ya chitukuko, anthu abwerera kwawo ali osangalala, ndipo ena mwina asiya kukunga neti. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Lipoti lomweli likawerengedwa mzere ndi mzere likunena zosiyana kotheratu.

Choyamba n'kuyerekeza oganiziridwa ndi oyezedwa. M'masabata awiri oyamba manambalawa akufanana, kusonyeza kuti aliyense wofunika kuyezedwa anayezedwa. M'sabata yachitatu anthu 260 anabwera ndi zizindikiro, koma 100 okha ndiwo anayezedwa. Anthu 160 anachoka osayezedwa, chifukwa tizipangizo tinatha sabata ili pakati. Malungo otsimikizika sangapose chiwerengero cha oyezedwa. Choncho nambala ya 60 sikunena za kuchepa kwa matenda, koma za kuchepa kwa zoyezera.

Chachiwiri n'kuona gawo la oyezedwa amene anapezeka ndi malungo. Izi zimapezeka pogawa opezeka nawo ndi oyezedwa, n'kuchulukitsa ndi 100. Sabata yoyamba, 80 mwa 200 ndi chimodzimodzi anthu 40 mwa 100 alionse. Sabata yachiwiri, 120 mwa 240 ndi anthu 50 mwa 100 alionse. Sabata yachitatu, ndi anthu 60 mwa 100. Gawoli lakhala likukwera sabata ndi sabata: 40, 50, 60. Pamene nambala yaikulu ija inkaoneka ngati ikutsika, iyi ikuloza kumwamba.

Kuchokera apa n'kotheka kuyerekeza chimene chikanapezeka onse akanayezedwa. Ngati mwa anthu 260 onse aja 60 mwa 100 alionse anali ndi malungo, odwala akanakhala 156. Nambala imeneyi iyenera kutengedwa mosamala, pakuti tizipangizo tikayamba kuchepa, ogwira ntchito amatisungira ana ndi odwala kwambiri, amene ambiri mwa iwo amapezekadi ndi malungo. Zimenezi zimakweza gawo lija. Komabe ngakhale atati theka lokha la anthu 160 osayezedwa aja ndilo linali ndi malungo, pakhala anthu 80 owonjezera pa 60, onse pamodzi 140. Njira zonse ziwiri zikupereka nambala yoposa 120 ya sabata yachiwiri.

Chachitatu n'kuyerekeza opezeka ndi malungo ndi olandira mankhwala. Manambalawa amayenera kuyandikana kwambiri. M'sabata yachitatu opezeka ndi malungo ndi 60, koma olandira LA ndi 170. Ndiye kuti anthu 110 analandira mankhwala popanda kuyezedwa, adokotala atangoona zizindikiro. Pamene zoyezera palibe, adokotala amakakamizika kutero kuti apulumutse moyo, koma zotsatira zake ndi ziwiri. Mankhwala amatha msanga, chifukwa ena amapita kwa anthu amene alibe malungo. Komanso munthu amene akutentha thupi chifukwa cha chibayo kapena matenda ena amatha kupita kunyumba ndi LA, nthenda yake yeniyeni isanadziwike. Kusiyana kotere kukaoneka m'sabata imene zoyezera zinalipo zokwanira, pamafunika kufufuza: mwina ena sanalembedwe m'kaundula, mwinanso mankhwala akutuluka m'njira yosayenera.

Chachinayi ndi chiwerengero cha otumizidwa kuchipatala chachikulu: 2, kenaka 4, kenaka 7. Manambalawa ndi aang'ono, moti paokha sangadaliridwe kwambiri, koma akugwirizana ndi zina zonse. Malungo aakulu sachuluka m'dera limene matenda akuchepa.

Chenjezo linalipo kale

Chopweteka m'chitsanzochi n'chakuti vutoli linaonekeratu sabata imodzi lisanachitike. Lipoti la sabata yachiwiri linanena kuti chipatala chagwiritsa ntchito tizipangizo 240 m'sabata imodzi, ndipo tatsala 100. Aliyense woyerekeza manambala awiriwa akanaona kuti totsalato sitifika Lachinayi. Lipotilo likanafika Lolemba n'kuwerengedwa tsiku lomwelo, ofesi ya zaumoyo ikanakhala ndi masiku awiri kapena atatu opezera thandizo. Likafika Lachisanu, limakhala likungofotokoza zimene zachitika kale.

Kuboma kuli wogwirizanitsa ntchito za malungo, woyang'anira kufalikira kwa matenda ndi woyang'anira mankhwala. Akaona lipoti longa ili, chinthu choyamba amaimba foni kuchipatalako kuti atsimikize kuti manambala alembedwa bwino. Kenaka amayang'ana zipatala zina za m'bomalo, chifukwa kawirikawiri pamene china chikusowa, china chimakhala ndi zotsala. Akatero amasamutsa katundu kuchoka uku kupita uko podikira katundu watsopano. Bokosi limodzi la tizipangizo nthawi zambiri limakhala ndi 25, ndiye chipatala choona anthu 260 pasabata chimafuna mabokosi 11 kuti chidutse sabata imodzi yokha.

Mankhwala nawo amafuna kuwerengedwa mosamala, chifukwa LA amabwera m'mapaketi anayi malinga ndi kulemera kwa wodwala. Mwana wa makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa piritsi limodzi kawiri patsiku kwa masiku atatu, onse pamodzi mapiritsi 6. Munthu wa makilogalamu 35 kupita m'tsogolo amamwa anayi nthawi iliyonse, onse pamodzi 24. Pakati pawo pali mapaketi a 12 ndi a 18. Kugawa ziwerengero potsata zaka kumathandiza ofesi kudziwa mtundu wa paketi umene ukufunika kwambiri.

Funso lomaliza la ofesi ndi lakuti: kodi kukweraku n'kwa nyengo chabe, kapena ndi mliri? Febuluwale aliyense malungo amachuluka, ndiye kuyerekeza ndi Okutobala sikuthandiza. Njira yake ndi kuyerekeza sabatayo ndi sabata yomweyo m'zaka zapitazo, makamaka zisanu ngati zolemba zilipo. Chiwerengero chikaposa kwambiri chimene chimaoneka nthawi ngati imeneyi, ofesi imatumiza anthu kukafufuza m'makaundula ndi m'midzi.

Zinthu zina zimene zimapotoza lipoti

Kusowa kwa zoyezera si njira yokhayo imene nambala imanamizira. Njira ina ndi kusokoneza ziro ndi mpata wosalembedwa. Mlangizi wa zaumoyo akalemba 0, akunena kuti anatsegula chipatala cha m'mudzi, anaona ana, ndipo palibe anapezeka ndi malungo. Akapanda kutumiza kalikonse, palibe akudziwa chimene chinachitika. Ngati zipatala za m'midzi zilipo 6 koma zatumiza 4 zokha, chiwerengero chonse chitsika ngakhale matenda sanasinthe. N'chifukwa chake lipoti labwino limanenanso kuti ndi malo angati atumiza ziwerengero mwa onse oyenera kutumiza.

Palinso kuwerenga munthu mmodzi kawiri, komwe kumakweza nambala mopanda chifukwa. Mwana woyezedwa kuchipatala cha m'mudzi n'kutumizidwa kuchipatala chaching'ono amatha kulembedwa konse kuwiri. Komanso kachipangizo koyezera kamatha kusonyezabe malungo kwa masabata angapo munthu atachira, chifukwa kamazindikira zinthu zimene tizilombo timasiya m'magazi ngakhale titafa. Wodwala wobwerera patatha masiku khumi osanena kuti anamwa kale LA angalembedwe ngati wodwala watsopano, n'kupatsidwanso mankhwala omwewo. Akanena, adokotala amadziwa kuti afunika kuyezedwa pa maikulosikopu ndi kufufuzidwa matenda ena.

Pomaliza, lipoti limawerenga okhawo amene afika. Mtsinje ukadzaza n'kudula njira, oganiziridwa, oyezedwa ndi opezeka nawo onse amatsika pamodzi, pamene odwala ali gone kutsidya. Wogula mankhwala pagolosale salembedwa paliponse. Mwana womwalirira kunyumba saoneka m'kaundula wa chipatala pokhapokha wina atadziwitsa mlangizi wa zaumoyo.

Mbali ya anthu a m'wadi

Zambiri mwa zolakwikazi zimayambira kapena kuthera pa zimene wodwala amanena. Wofunsidwa mudzi atchule kumene akugona masiku ano, osati kumene anabadwira, pakuti ogwira ntchito akafuna kudziwa kumene malungo achuluka amabwerera m'kaundula kukawerenga maina a midzi. Wodwala azinyamula buku lake lakuchipatala ulendo uliwonse, ndipo azinena ngati wamwa mankhwala a malungo m'mwezi wapitawo. Mafumu ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi azidziwitsa mlangizi msanga za imfa zochitikira kunyumba, za njira zimene zaduka, ndi za mabanja amene akudwala ambiri nthawi imodzi. Mwana wokomoka, wolephera kuyamwa kapena kumwa, wosanza chilichonse, kapena wofooka kwambiri apititsidwe kuchipatala nthawi yomweyo, kaya zoyezera zilipo kaya palibe.

Mamembala a komiti ya chipatala, a makomiti a chitukuko ndi khansala ali ndi mwayi womva ziwerengerozi pamisonkhano. Akamva kuti malungo atsika, pali mafunso anayi oyenera kufunsa asanaombe m'manja. Kodi oganiziridwa onse anayezedwa? Kodi mwa oyezedwa 100 alionse anapezeka nawo ndi angati, poyerekeza ndi sabata yatha? Kodi zipatala za m'midzi zonse zinatumiza ziwerengero? Nanga zoyezera ndi mankhwala otsala akwanira masiku angati? Mayankho onse anayi akakhala abwino, kutsikako n'koona ndipo n'koyenera kukondwera nako. Limodzi likavuta, khansala ali ndi nkhani yomveka, yokhala ndi manambala ake, yoti akaitule ku komiti ya zaumoyo ya khonsolo.

Mafunso okambirana pamsonkhano wa komiti

1. Chipatala chayeza anthu 150 ndipo 45 apezeka ndi malungo. Sabata yotsatira chayeza anthu 90 ndipo 36 apezeka nawo. Kodi m'sabata iliyonse, opezeka nawo ndi angati mwa 100 alionse? Kodi komiti ingakhulupirire kuti malungo atsika?

2. Lipoti likusonyeza opezeka ndi malungo 70 ndi olandira LA 115, pamene zoyezera zinalipo sabata yonse. Kodi komiti ya chipatala ipemphe kuona mabuku ati?

3. Ndi midzi iti ya m'wadi ino imene imadukidwa njira yopita kuchipatala m'nyengo ya dzinja, ndipo ndani angadziwitse mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo?